Mtedza wa pa mgwirizano: zofunika kulemba lole isanafike pa sikelo

M'mapepala ambiri a mgwirizano wa pakati pa magulu a alimi ndi makampani ogula mbewu mumapezeka mawu akuti gululo "lidzapereka mtedza wabwino, wouma ndi wosankha bwino". Tsiku losainirana palibe amene amawatsutsa mawuwa. Wapampando amasaina, mlembi amadinda chidindo, a mfumu ndi alangizi amaikira umboni, anthu n'kuwomba m'manja. Mkangano umadzabuka miyezi isanu ndi umodzi pambuyo pake, matumba atafika kale pa geti ya kampani, kalaliki wa pa sikelo atapisa dzanja m'thumba limodzi, kutafuna njere ziwiri, n'kunena kuti mtedzawu ndi wauwisi. Alimi akuti ndi wouma, iye akuti ayi. Pepala lija silingaweruze mlanduwu, chifukwa silinanene kuti kuuma kwake n'kotani, adzayeza ndani, ndi chiyani, komanso kuti. Zikatero amapambana ndi amene ali pakhomo pake, ndipo alimi amene abwereka lole kuchokera ku Mchinji mpaka ku Kanengo ndi alendo.

Kuti tione bwino mmene mgwirizano wotere umayendera, tiyeni titsate chitsanzo chimodzi. Manambala ake ndi ongoyerekezera, koma mavuto ake ndi omwe alimi a mtedza amakumana nawo chaka ndi chaka. Tinene kuti pali kopaletivi ya mamembala 300 m'boma la Mchinji, ogawidwa m'makalabu khumi ndi asanu. Aliyense amalima pafupifupi ekala imodzi ya mtedza wa CG7, wofiira uja umene opanga chiponde amaukonda chifukwa cha mafuta ake. Kampani ina ya ku Lilongwe yopanga chiponde ikufuna matani 60 a mtedza wosenda.

Choyamba n'kudziwa amene akusaina. Kalabu ya m'mudzi yosalembetsedwa si munthu pamaso pa malamulo, choncho zinthu zikavuta, amene anasaina dzina lake ndi amene angakokedwe yekha, ndipo kampani ikakana kulipira, kalabuyo imavutika kukasuma m'dzina lake. Kopaletivi yolembetsedwa pansi pa lamulo la makopaletivi la 1998 imatha kuchita mgwirizano, kusuma ndi kusumiridwa m'dzina lake. Chachiwiri n'kuchuluka kwa mtedza wolonjeza. Ngati gulu likuyembekezera matani 90 chaka cha mvula yabwino, lisalonjeze 90. Wina usungidwa wa mbewu, wina wa nsinjiro, ndipo pali mamembala amene agulitsa thumba limodzi kapena awiri kwa mavenda mu Meyi chifukwa mwana wabwezedwa kusukulu kapena mayi wagonekedwa kuchipatala. Zimenezi si zachilendo, ndipo gulu lanzeru limaziwerengeratu. Matani 60 ndi makilogalamu 200 pa membala, matumba anayi a makilogalamu 50, ndipo ambiri angakwanitse.

Kuuma ndi kuyera kwa mtedza zikhale ndi nambala

Chinyezi ndiye poyambira. Mtedza wosenda umasungika bwino chinyezi chake chikakhala cha m'ma 7 kapena 8 peresenti, ndipo muyeso wa malonda a chakudya pa dziko lonse, wa bungwe la Codex, sulola kupitirira 9 peresenti. Mgwirizano wathu unene kuti 8 peresenti. Unenenso kuti chinyezicho chidzayezedwa ndi kachipangizo koyezera chinyezi, osati mano a kalaliki, ndipo kuyezako kudzachitikira ku nyumba yosungiramo katundu ya kopaletivi, mtedza usanakwezedwe, pamaso pa anthu a mbali zonse ziwiri. Alimi ali ndi njira yawo yodziwira kuuma: amagwedeza chikoko kuti amve njere zikulira, kapena amafikisa njere kuti aone ngati khungu likusupuka msanga. Njirayi ndi yabwino podziwa nthawi yochotsa mtedza pa dzuwa, koma pa mkangano wa ndalama singaimire umboni.

Nanga mtedza ukapezeka ndi 9 peresenti m'malo mwa 8? Apa ndi pamene alimi ambiri amadyeredwa masuku pamutu osadziwa. Wogula amangoti achotsa kilogalamu imodzi pa thumba lililonse "chifukwa cha madzi". Pa matani 20, omwe ndi matumba 400, achotsa makilogalamu 400. Koma masamu ake enieni ndi ena. Mu makilogalamu 100 a mtedza wa 9 peresenti, 91 ndi mtedza weniweni, pamene mu wa 8 peresenti ndi 92. Mukachulukitsa makilogalamu 20,000 ndi 91 n'kugawa ndi 92 mupeza 19,783. Madzi owonjezerawo ndi makilogalamu 217 okha. Otsalawo, makilogalamu 183, ndi mtedza wabwinobwino umene wapita ulere, matumba atatu ndi theka kuposerapo. Njira yowerengera imeneyi ilembedwe mu mgwirizano momwemo, ndi chitsanzo chake, kuti msungichuma wa gulu athe kuiwerengera yekha pa foni.

Zinyalala, miyala, makoko, mphwephwa ndi njere zosweka nazonso zipatsidwe malire ake, mwachitsanzo zinyalala zosapitirira 1 peresenti ndi zosweka zosapitirira 5 peresenti. Izi sizivuta kuyeza: amatapa kilogalamu imodzi, kusankha pa lichero onse akuona, n'kuika pa sikelo yaing'ono zomwe zachotsedwa. Mtundu wa mtedza ulembedwenso. CG7 akasakanizika ndi Chalimbana, pokazinga wina amapsa wina asanapse chifukwa njere zake n'zosiyana kukula, ndiye wopanga chiponde ali ndi chifukwa chomveka chokanira.

Sikelo nayo itchulidwe. Ikhale yoyezedwa ndi kudindidwa ndi a Malawi Bureau of Standards, ndipo kulemera kwa thumba lopanda kanthu kudziwike kuti kuchotsedwa bwanji.

Chuku chosaoneka ndi maso

Chovuta kwambiri pa mtedza ndi poizoni wotchedwa afulatokisini, amene amapangidwa ndi chuku china chomera pa mtedza ndi chimanga. Poizoniyu amawononga chiwindi ndipo amayambitsa khansa ya chiwindi akamadyedwa nthawi yaitali. Kukazinga kapena kuphika sikumuthetsa. Mtedza ukhoza kuoneka woyera bwino koma uli naye. Amachuluka mvula ikadula mtedza usanakhwime, makoko akaboola ndi chiswe kapena khasu pokumba, mtedza ukaumikidwa pa dothi, ukasungidwa usanaumitsitse, komanso anthu akamawaza madzi pa makoko kuti afewe posenda. Chizolowezi chomalizachi n'chofala chifukwa kusenda mtedza wouma ndi manja kumapweteka zala, koma ndi chimene chimawononga mtedza wambiri umene unachoka m'munda uli bwino.

Amamuyeza pa magawo a biliyoni. Mayiko a mu mgwirizano wa ku Ulaya salola kupitirira magawo 4 pa mtedza woti anthu adye mwachindunji, ndi magawo 15 pa mtedza woti ukasankhidwenso kapena kukonzedwa kaye. Codex nayo inaika 15 pa mtedza wokakonzedwanso. Malire okhwimawa ndi chimodzi mwa zimene zavutitsa mtedza wa ku Malawi kulowa m'misika ya ku Ulaya, ngakhale kale unkapita kumeneko wambiri, ndipo alimi a ku Mchinji a pansi pa NASFAM atayambanso kutumiza mtedza ku Britain kudzera mu malonda a Fairtrade, ntchito yaikulu inali yomweyi ya kusankha ndi kuyeza. Choncho mgwirizano usangoti "wopanda chuku". Unene nambala. Ndipo gulu lifunse kuti nambalayo ndi ya mtedza wa pati, chifukwa kampani imene ili ndi anthu kapena makina osankhira isafune kuti alimi abweretse pa geti mtedza wa magawo 4 pa mtengo wa mtedza wamba. Ngati ikufuna woyera chotero, ilipire kusankhako.

Poizoniyu safalikira mofanana m'thumba. Amaunjikana mu njere zochepa zowonongeka, mwina imodzi pa mazana ambiri, ndipo njere imodzi yotere ikhoza kukhala naye wochuluka kwambiri. Mukatapa dzanja limodzi pamwamba pa thumba limodzi, n'kugwera njere yoipayo, zotsatira zake zionetsa ngati lole yonse ndi poizoni. Mukaiphonya, zionetsa ngati zonse zili bwino pamene sizili. Anthu awiri oona mtima atha kutapa pa mulu umodzi n'kupeza wina 3, wina 40, popanda wonama. N'chifukwa chake malamulo a ku Ulaya amafuna kuti pa mulu waukulu atape malo 100 osiyanasiyana mpaka akwane makilogalamu 20, asakanize ndi kusinja zonse, ndipo pa ufa umenewo ndi pamene atengepo kochepa kokayeza. Kopaletivi ya ku Mchinji singafike pamenepo nthawi zonse, koma mfundo yake ndi yomweyo: kutapa m'matumba ambiri, pamwamba, pakati ndi pansi, kusakaniza, kusinja, kenako kugawa.

Ndime ya sampulo, mwa kuona kwanga, ndi yofunika kuposa ndime ya mtengo, ngakhale pa msonkhano wa mamembala palibe amene amaifunsa. Inene matumba angati adzatapidwe, ndani adzasankhe matumbawo, ndipo ufa wosinjidwawo ugawidwe patatu: gawo la wogula, gawo la gulu, ndi lachitatu lomatidwa, losainidwa ndi onse, losungidwa pouma kudikira mkangano. Popanda gawo lachitatuli, wogula akaimba foni kuti mtedza walephera, gulu lilibe chogwira. Silingadziwe ngakhale ngati umene unayezedwa unali wawo.

Masiku operekera

Mtedza wa CG7 umatenga miyezi inayi ndi theka kapena isanu kuti ukhwime, choncho wodzalidwa ndi mvula yoyamba mu Disembala umakumbidwa cha mu Epulo kapena Meyi. Kenako pali kuumitsa, kuthothola, kuumitsanso, kusenda ndi kusankha. Wogula amene akufuna matani onse 60 pofika pa 31 Meyi akudziitanira yekha mtedza wauwisi ndi wowazidwa madzi, chifukwa alimi adzathamanga kuti akwanitse tsikulo. Bwino kugawa katatu: matani 20 kumapeto kwa Juni, 20 kumapeto kwa Julayi, 20 kumapeto kwa Ogasiti. Mtedza umasungika bwino uli m'makoko, ndiye gulu lizisenda wokhawo wa ulendo umene ukubwera. Pa ulendo uliwonse pakhale mpata wa sabata imodzi osati tsiku limodzi, ndiponso chilolezo choti katundu achepe kapena kuchuluka ndi 10 peresenti popanda chilango.

Mapepala ambiri olembedwa ndi makampani amatchula chilango cha alimi akachedwa, koma amakhala chete pa kuchedwa kwa kampani. Lole ikalonjezedwa Lachiwiri n'kubwera patatha masabata atatu, mtedza wosenda wakhala m'nyumba ya malata, makoswe alowamo, alonda alipidwa, ndipo mamembala amene anapereka matumba awo ayamba kulondola wapampando kunyumba. Mgwirizano unene kuti wogula akapanda kubwera pa masiku asanu ndi awiri, alipira zosungira, ndipo pakatha masiku khumi ndi anayi gulu lili ndi ufulu wogulitsa ulendo umenewo kwina osawerengedwa kuti laphwanya pangano. Unenenso malo amene katundu amasiya kukhala wa alimi. Ngati ndi pa khomo la kopaletivi, mvula ikanyowetsa matumba pa msewu kapena lole ikagubuduka, ndi za wogula. Ngati ndi pa geti ya fakitale, zonsezo ndi za alimi, ndipo mtengo uyenera kukwera kuti uphimbe thiransipoti ndi chiopsezocho.

Tsiku lolipira ndi mbali ya ndondomeko yomweyi. Venda amalipira pompopompo, ndipo mphamvu yake yonse ili pamenepo. Kampani imene imalipira patatha masiku 30 ikupikisana naye ndi dzanja limodzi. Njira imene imathandiza ndi kulipira gawo lalikulu, tinene 70 peresenti, pa masiku awiri kuchokera pokweza katundu, ndipo yotsalayo zotsatira za ku labotale zikatuluka.

Za chilala ndi namondwe zilembedwenso, mwachidule koma momveka. Mu Marichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 a dziko lino ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba. Chaka chotere gulu silingapereke zimene silinakolole. Ndimeyo inene kuti gulu lidziwitse wogula msanga, mbali zonse ziyendere minda pamodzi ndi alangizi cha mu Marichi, ndipo matani olonjezedwa atsitsidwe molingana ndi zimene zaoneka. Kukwera kwa mtengo pa msika si ngozi yogwa mwadzidzidzi, ndipo gulu lisabisale kumbuyo kwa ndime imeneyi pofuna kugulitsa kwa ena.

Mtengo umene umayenda ndi msika

Tinene kuti mu Novembala anagwirizana K1,500 pa kilogalamu. Pofika Julayi mavenda pa Kamwendo akugula pa K1,900. Kusiyana kwake ndi K400 pa kilogalamu, K20,000 pa thumba, K80,000 pa matumba anayi a membala mmodzi. Palibe ulaliki wa kukhulupirika umene ungaletse mlimi kukweza matumba ake pa njinga usiku. Makampani amadandaula kuti alimi amazembetsa mbewu, ndipo n'zoona, koma mtengo wokhomerera osasuntha ndi umene umawatuma. Zikatembenuka, msika n'kugwa kufika pa K1,200, ndi kampani imene imayamba kufunafuna pothawira, ndipo pothawira pake pamakhala pa giredi.

Njira yabwino ndi kukhala ndi mtengo wapansi umene sungatsike, kuphatikiza njira yogawana phindu msika ukakwera. Mwa chitsanzo chathu, K1,500 ndi wapansi. Msika ukakwera, alimi alandira magawo atatu mwa anayi a kukwerako. Pa K1,900, kukwera ndi K400, magawo atatu mwa anayi ndi K300, ndiye mtengo wa ulendo wa Julayi ukhala K1,800. Mtedza ukakhoza bwino pa afulatokisini pakhale bonasi ya K100, ndipo mlimi wafika pa K1,900 yomweyo ya venda, pa sikelo yodalirika. Kampani nayo siinaluze: ikadapita kwa mavenda ikadagula pa mtengo woposa pamenepo mtedza wosadziwika kochokera, n'kutayanso wambiri posankha. Msika ukagwa kufika pa K1,200, alimi alandirabe K1,500. Gawo limodzi mwa anayi limene amasiyira kampani chaka chabwino ndi malipiro a chitetezo chimenechi, ndipo atsogoleri a gulu ayenera kuwafotokozera mamembala mfundoyi asanasaine, osati pa tsiku logawa ndalama.

Koma "mtengo wa pa msika" ndi mawu enanso oterera. Msika uti, tsiku liti, wa mtedza wotani? Mgwirizano utchule misika yeniyeni, mwachitsanzo Kamwendo, Mkanda ndi Kapiri, unene kuti munthu mmodzi wa gulu ndi mmodzi wa kampani adzalemba mitengo ya mtedza wosenda wa mtundu womwewo sabata yotsogolera ulendo uliwonse, n'kutenga wapakatikati. Ena amasankha kutsata mitengo yofalitsidwa ndi msika wa mbewu wa ACE. Chofunika n'chakuti gwero lake likhale loti mbali imodzi singalisunthe. Mitengo yoyambira imene unduna wa zaulimi umalengeza chaka ndi chaka nyengo yokolola ikamayandikira ilowemonso: ngati mtengo wa boma wa chaka chimenecho uposa wapansi wa mu mgwirizano, wa boma ndi umene ugwire ntchito.

Pali chinanso chimene Amalawi taphunzira mowawa. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Gulu limene linasaina mtengo wokhazikika kumayambiriro kwa Novembala chaka chimenecho linadzuka ndi pepala limene ndalama zake zinali zitafota mbewu isanalowe m'nthaka. Ndime yotsata msika imateteza mbali yaikulu ya vutoli, koma mtengo wapansi nawo umafunika kuunikidwanso. Palembedwe kuti kwacha ikagwa kupyola mlingo wakutiwakuti, mbali zonse zikumana pa masiku khumi ndi anayi, ndipo zikalephera kumvana, mkhalapakati wotchulidwa dzina adzagamula. Ngati kampani inapereka mbewu pa ngongole, zidziwikenso ngati ngongoleyo ibwezedwa mu makwacha kapena mu makilogalamu a mtedza, chifukwa mitengo ikasintha njira ziwirizi zimasiyana kutali.

Ufulu wokana katundu

Wogula ayenera kukhala ndi ufulu wokana. Wopanga chiponde amene walandira mtedza wa poizoni adyetsa ana a anthu, ndipo gulu limene likufuna mgwirizano wopanda ndime yokana silikufuna malonda enieni. Nkhani ili pa malire a ufuluwo.

Pakati pa "talandira" ndi "takana" payenera kukhala malo achitatu. Chinyezi cha 8 peresenti kapena kutsika, mtedza ulandiridwa pa mtengo wonse. Pakati pa 8 ndi 9, ulandiridwa pochotsa kulemera kwa madzi monga tawerengera muja. Kupitirira 9, usakwezedwe n'komwe: gulu lipatsidwe masiku asanu ndi awiri kuti liumitsenso n'kubweretsa. Chimodzimodzi zinyalala ndi zosweka, zomwe zimatheka kupeta ndi kusankhanso. Ngakhale afulatokisini amatsika kwambiri anthu akakhala pansi n'kuchotsa njere zonse zofota, zosweka, zobooka ndi zosintha mtundu, choncho mulu umene wapyola malire pang'ono upatsidwe mwayi umodzi wosankhidwanso ndi kuyezedwanso. Kukaniratu kutsalire mtedza umene walephera kawiri, kapena umene wapezeka ndi chinyengo chenicheni monga miyala ndi mchenga zoikidwa dala pakati pa thumba.

Nthawi yokanira ikhale ndi polekezera. Zooneka ndi maso ndi zoyezeka pomwepo zithere pa khomo la kopaletivi, ndipo wogula akasaina n'kukweza, asadzazidzutsenso ku Lilongwe. Za ku labotale zipatsidwe masiku asanu ogwira ntchito, kukana kwake kukhale kolemba, kotchula mulu wake ndi nambala imene yapezeka, pamodzi ndi pepala la zotsatira. Masikuwo akadutsa wogula ali chete, ndiye kuti walandira. Lamulo lathu la kugulitsana katundu, Sale of Goods Act, limanena kale kuti wogula amene wasunga katundu kupyola nthawi yoyenera osanena kuti wakana, kapena wayamba kumugwiritsa ntchito ngati wake, amatengedwa kuti walandira. Koma "nthawi yoyenera" ndi nkhani yokatsutsana ku khothi, ndipo alimi alibe ndalama ya loya. Kulemba nambala ya masiku n'kotsika mtengo. Lamulo lomwelo lili ndi mbali ina imene alimi ambiri saidziwa: ngati simunagwirizane mwina, wogula amene wakana katundu moyenera sakakamizidwa kumubweza, amangoyenera kudziwitsa wogulitsa. Ndiye kuti lole yokatenga matumba 400 ku Kanengo ilipidwa ndi gulu, pokhapokha mgwirizano utanena zina. N'chifukwa chake kuli bwino kutenga sampulo sabata imodzi lole isanabwere, kuti mtedza wolephera usachoke n'komwe ku Mchinji.

Gulu likatsutsa zotsatira, gawo lachitatu lomatidwa lija lipite ku labotale imene si ya mbali iliyonse, yotchulidwiratu mu mgwirizano, monga ya Malawi Bureau of Standards kapena ya ku malo a kafukufuku a Chitedze. Zotsatira zake zimange onse, ndipo amene wapezeka wolakwa alipire kuyezako.

Kukula kwa mulu woyezedwa pamodzi n'kofunikanso kuganizira. Matani 20 onse akawerengedwa ngati mulu umodzi, kalabu imodzi imene inawaza madzi igwetsa anthu 300. Akagawidwa milu inayi ya matani asanu, potsata makalabu, wolephera ndi mulu umodzi, ndipo 15 apita. Kuyeza kanayi kumadya ndalama zambiri kuposa kamodzi, koma poyerekeza ndi mtengo wa matani 15, ndi kangachepe. Izi zimatheka ngati thumba lililonse lili ndi chikwangwani cha nambala ya kalabu ndi ya membala, ndipo kopaletivi ili ndi malamulo akeake onena kuti mtedza ukakanidwa, chitayiko chigwera ndani. Magulu ambiri amasweka pamenepa, osati chifukwa cha kampani, koma chifukwa mayi amene anasankha mtedza wake njere imodziimodzi wadulidwa ndalama mofanana ndi bambo amene anathira mphwephwa pansi pa thumba. Chaka chotsatira mayi uja sasankhanso, kapena amatuluka m'gulu.

Kodi gulu lingadziwe bwanji kuti kukana kwa wogula si kwa chilungamo? Zizindikiro zake sizibisika. Mtedza umene unkalandiridwa mu Juni msika uli pamwamba uyamba kulephera mu Ogasiti msika utagwa, pamene alimi, minda ndi kasankhidwe n'zomwezo. Kukanako kumabwera pa foni, popanda nambala. Ndipo chachikulu: wogula yemweyo amene wati mtedza ndi woipa amapempha kuugula pa mtengo wotsika. Pa chinyezi kapena zosweka kutsitsa mtengo n'komveka, malinga kutsate mlingo wolembedwa. Koma mtedza wokanidwa chifukwa cha poizoni sukhala wabwino chifukwa mtengo watsika. Ngati kampani ikuufunabe, inene kuti ikukachita nawo chiyani. Kumbali yake, wogula nayenso amazindikira gulu losakhulupirika: matumba a pamwamba oyera, a mkati osakaniza, ndi "chilala" chimene chimagwa chaka chokhacho chimene mavenda akwezera mtengo.

Funso limene mapepala ambiri saliyankha ndi la kumene mtedza wokanidwa umapita. Ukabwerera kumudzi, nthawi zambiri umagulitsidwa pa msika wapafupi kapena kusinjidwa nsinjiro, ndipo njere zimene zinachotsedwa posankha, zomwe ndi zimene zili ndi poizoni wochuluka, zimathera mu ndiwo ndi mu phala la ana a alimi omwewo. Mgwirizano wabwino umatchula njira yake. Ofinya mafuta amene amayenga mafutawo mokwanira atha kugula mtedza wotere, chifukwa kuyengako kumachotsa poizoni wambiri mu mafuta, ngakhale zotsalira zofinyidwazo zimakhala nayebe ndipo siziyenera kupatsidwa nkhuku kapena ng'ombe za mkaka. Mafuta ofinya pa makina ang'onoang'ono a m'mudzi, osayengedwa, sapereka chitetezo chimenecho. Gulu lipemphe kuti kampani ithandize kupeza wogula wa mtundu umenewu ndi kulemba mtengo wake pasadakhale, ndipo zosankhidwa zoolerathu zikwiriridwe pamaso pa komiti.